Kalembedwe ka gawo la zotsatira mu lipoti la kafukufuku: chitsanzo cha manyowa ndi chimanga ku Thondwe

Munthu akatsegula gawo la zotsatira amakhala ndi mafunso awiri: kusiyana mwakupezako ndi kwakukulu bwanji, nanga mukukukhulupirira mpaka pati? Malipoti ambiri omwe ophunzira a chaka chomaliza komanso ogwira ntchito m'mabungwe amalemba kuno ku Zomba sayankha funso loyambalo. Amakopera tebulo lonse la SPSS, n'kulemba pansi pake kuti panali kusiyana chifukwa p inali yochepera 0.05, basi nkhani yatha. Wowerenga amatsala osadziwa ngati tikukamba za thumba limodzi la chimanga kapena matumba khumi.

Tiyenda ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Manambala ake ndawapeka kuti tiphunzirirepo, sanachokere mu kafukufuku weniweni, koma mawerengedwe ake ndi oona ndipo mutha kuwabwereza pa kakyuleta.

Tinene kuti munapita ku Thondwe kukafufuza ngati alimi amene amathira manyowa pamodzi ndi feteleza amakolola chimanga chambiri kuposa amene amathira feteleza yekha. Munalemba alimi 130 nthawi yobzala, munayeza minda yawo, ndipo atakolola munawerenga matumba a makilogalamu 50 a chimanga chotong'ola, n'kugawa ndi kukula kwa munda kuti mupeze matumba pa ekala. Munabwererakonso kukafunsa ngati chimangacho chinawafikitsa mu Disembala. Palibe amene anachita maere kuti uyu athire manyowa, uyu asathire. Mlimi aliyense anasankha yekha. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene idzalamulire mawu amene mungaloledwe kulemba.

Yambani ndi kuwerenga anthu

Ndime yoyamba inene kuti munayamba ndi anthu angati, angati anatsala m'njira, ndipo chifukwa chake chinali chiyani. Kwa ife ikhala chonchi:

"Mwa alimi 130 omwe analembedwa, 8 sanalowe m'mawerengedwe: 5 sanapezeke nthawi yokolola ndipo 3 minda yawo sinayezedwe. Otsalawo ndi 122, ndipo mwa iwo 58 anathira manyowa ndi feteleza pomwe 64 anathira feteleza yekha."

Nenaninso kuti otsala m'njirawo anali a gulu liti, kuno 5 a manyowa ndi 3 a feteleza yekha. Zikanakhala kuti onse 8 anali a gulu limodzi, wowerenga akanafuna kudziwa ngati si omwe minda yawo inakanika, n'chifukwa chake sanafune kuonana nanu. Kuyambira pano nambala ya 122 izipezeka pa tebulo lililonse, ndipo pamene yasintha, mulembe chifukwa chake pansi pa tebulopo.

Tebulo loyamba: kodi magulu awiriwa ndi ofanana?

Musanaonetse zokolola, onetsani anthuwo. Tebulo loyamba silifuna mayeso alionse, limangofotokoza.

Tebulo 1. Alimi a m'magulu awiri, Thondwe (alimi 122)

| | Manyowa ndi feteleza (58) | Feteleza yekha (64) |
|---|---|---|
| Mabanja otsogoleredwa ndi amayi | 19 (33%) | 27 (42%) |
| Mabanja oweta mbuzi kapena ng'ombe | 41 (71%) | 24 (38%) |
| Kukula kwa munda, maekala | 1.6 (0.7) | 1.4 (0.6) |
| Feteleza, makilogalamu pa ekala | 48 (15) | 46 (17) |

Pansi pa tebulo: mizere iwiri yoyamba ndi chiwerengero ndi peresenti, iwiri yomaliza ndi avereji ndi SD, muyezo wa mmene alimi amasiyanirana wina ndi mnzake.

Mutu wa tebulo unene zomwe zilimo, malo, ndi chiwerengero cha anthu, kuti munthu amene wangojambula tsamba limeneli pa foni n'kutumizira mnzake, mnzakeyo amve popanda kufunsa. Muyezo, kaya ndi maekala kapena makilogalamu, ukhale pa mzere womwewo. Peresenti isayende yokha popanda chiwerengero chake. Ndipo musalembe 32.76%: m'gulu la anthu 58, munthu mmodzi yekha ndi pafupifupi 2 peresenti, ndiye timanambala ta kuseri kwa kadontho tikungonamizira kulondola komwe kulibe.

M'mawu musabwereze tebulo lonse. Tchulani chokhacho chimene chikusautsa. Pano ndi ziweto: mwa othira manyowa, 71 pa 100 alionse ali ndi khola, pomwe kwa enawo ndi 38. Sizodabwitsa, manyowa amachokera m'khola. Koma banja la ziweto nthawi zambiri ndi lomwe limatha kugulitsa mbuzi n'kulemba aganyu opalira pa nthawi yake, kapena kugula mbewu yamakono. Choncho zokolola zikasiyana, mwina si manyowa okha. Chiganizo chimodzi chikukwanira: "Magulu awiriwa anali ofanana pa kukula kwa minda ndi kuchuluka kwa feteleza, koma oweta ziweto anali ambiri m'gulu la manyowa (71% poyerekeza ndi 38%)."

Funso lalikulu: matumba angati?

Apa ndiye pofunika kudekha. Mu R mayeso ake ndi awa:

```
t.test(matumba ~ gulu, data = alimi)
```

R amachita mayeso a Welch mukapanda kumuuza zina, omwe safuna kuti kamwazikidwe ka manambala kakhale kofanana m'magulu onse awiri. Mu SPSS mzere wake ndi wolembedwa `Equal variances not assumed`. Chenjerani ndi chizindikiro: R amasanja mayina a magulu motsatira afabeti, ndiye `feteleza` amabwera patsogolo pa `manyowa`, ndipo t pamodzi ndi malire a kusiyanako, omwe timawalemba kuti 95% CI, zituluka ndi chochotsera. Palibe cholakwika, wangochotsera chambuyo. Inu tembenuzani ndipo mulembe poyera kuti mwachotsa chiyani kuchoka ku chiyani.

Kuchoka pa zonse zomwe kompyuta yatulutsa, mutengepo zochepa.

Tebulo 2. Zokolola za chimanga, matumba a makilogalamu 50 pa ekala

| | Alimi | Avereji | SD |
|---|---|---|---|
| Manyowa ndi feteleza | 58 | 11.8 | 4.6 |
| Feteleza yekha | 64 | 9.7 | 4.1 |
| Kusiyana (manyowa kuchotsa feteleza yekha) | | 2.1 | |

Pansi pa tebulo: 95% CI ya kusiyanako ndi 0.5 mpaka 3.7; t(114.8) = 2.65; p = 0.009; d = 0.48.

SD imanena kuti alimiwo amasiyana bwanji wina ndi mnzake. Avereji ya 11.8 ndi SD ya 4.6 zikutanthauza kuti ambiri anakolola pakati pa matumba 7 ndi 16 pa ekala, ena kuposerapo, ena kucheperapo. Pali nambala ina yomwe imasokonezedwa ndi SD, imene SPSS amailemba `Std. Error Mean`. Iyo sinena za alimi, imanena za kulondola kwa averejiyo, ndipo imapezeka pogawa SD ndi sikweya ruti ya chiwerengero cha anthu: kuno 4.6 kugawa ndi 7.6, yankho n'kukhala 0.6. Mukaona lipoti lalemba 11.8 ± 0.6 popanda kunena kuti 0.6 ndi chiyani, dzifunseni ngati n'zotheka kuti alimi 58 a mbewu zosiyana ndi nthaka yosiyana akolole mofanana chonchi. Sizingatheke, ndiye nambalayo si SD. N'chifukwa chake chizindikiro cha ± ine sindichikonda. Ndi bwino kuika SD m'danga lakelake n'kuitchula dzina.

Tsopano chiganizo cha m'lipoti. Dongosolo lake likhale ili: mbali imene kusiyana kwapendekera, kukula kwake m'muyezo womwe munthu amaudziwa, malire ake, ndipo mayeso abwere komaliza.

"Alimi omwe anathira manyowa ndi feteleza anakolola matumba 11.8 pa ekala (SD 4.6), pomwe omwe anathira feteleza yekha anakolola matumba 9.7 (SD 4.1). Kusiyana kunali matumba 2.1 pa ekala, omwe ndi makilogalamu 105 (95% CI 0.5 mpaka 3.7; t(114.8) = 2.65, p = 0.009)."

Lipoti lanu mwina lili m'Chingerezi, monga amafunira kusukulu ndi kwa opereka thandizo, koma dongosolo la chiganizochi silisintha.

Pa manambala onsewa, ofunika kwambiri ndi 0.5 ndi 3.7. Alimi 122 ndi gawo chabe la alimi a ku Thondwe, ndipo mukanasankha ena, 2.1 ikanasuntha. Malirewo akunena kuti zomwe mwapeza zikugwirizana ndi kusiyana kochepa ngati theka la thumba, komanso zikugwirizana ndi kusiyana kwa matumba atatu ndi theka kapena kuposerako pang'ono. Mlangizi wa zaulimi akamva izi amvetsa msanga, chifukwa akudziwa ntchito yotuta manyowa pa wilibala kuchoka kukhola kukafika kumunda. Matumba atatu akhoza kulipira thukutalo. Theka la thumba mwina ayi. p ya 0.009 siingamuuze zimenezi.

Nanga p imanena chiyani? Ikunena kuti kukanakhala kuti magulu awiriwa sasiyana n'komwe, kusiyana kwa matumba 2.1 kapena kuposa apo, kupendekera mbali iliyonse, kukanapezeka mwangozi pafupifupi maulendo 9 pa 1,000 alionse obwereza kafukufuku wotere. Sikunena kuti pali mwayi wa 99 peresenti woti manyowa amathandiza, ndipo sikunena kuti kusiyanako ndi kwakukulu. Mukafunsa alimi 5,000, ngakhale kusiyana kwa theka la thumba kutulutsa p yaing'ono kwambiri. Bungwe la akatswiri a sitatisitiki la ku America linachita kutulutsa chikalata mu 2016 chochenjeza za zomwezi, kuti p siyeza kukula kapena kufunika kwa chimene mwapeza, ndiponso kuti chiganizo chisamangidwe pa kungodumpha malire a 0.05. Lembani p yeniyeniyo, 0.009, osati kungoti ndi yochepera 0.05. SPSS akaonetsa `.000`, wangofupikitsa. P siikhala ziro, ndiye mulembe p < 0.001.

d ya Cohen, ndi nthawi imene imathandiza

Matumba 2.1 pa ekala ndi kale muyezo wa kukula kwa kusiyana, ndipo ndi wabwino koposa chifukwa aliyense amadziwa thumba. Koma supavaiza kapena wowerenga wakunja afunanso muyezo wopanda matumba, woti n'kuyerekeza ndi kafukufuku wina amene anayeza matani pa hekitala. Umenewo ndi d: kusiyana kwa maavereji kugawa ndi SD yophatikiza ya magulu awiri.

```
SD = sqrt((57*4.6^2 + 63*4.1^2) / 120) = 4.34
d  = 2.1 / 4.34 = 0.48
```

57 ndi 63 ndi chiwerengero cha gulu lililonse kuchotsapo mmodzi, ndipo 120 ndi kuphatikiza kwake. Amene mukugwiritsa ntchito Excel, SD ya gulu ipezeni ndi `STDEV.S`, osati `STDEV.P`.

Jacob Cohen, mu 1988, anapereka mizere itatu yoyerekezera: d ya 0.2 ndi yaing'ono, 0.5 yapakatikati, 0.8 yaikulu. Mwini wakeyo ananena kuti mizereyi ndi yogwiritsa ntchito pamene palibe china chabwino choyerekezera, ndipo anaikonzera maphunziro a khalidwe la anthu, osati ulimi. Ndiye kulemba kuti d = 0.48 ndi yapakatikati n'kusiyira pomwepo sikuthandiza kwenikweni. Nayonso d ili ndi malire ake, kuno 0.12 mpaka 0.84, kutanthauza kuti ikuyambira pansi pa mzere wa yaing'ono kukafika pa yaikulu. Dzina loti yapakatikati likubisa zimenezo.

Pali njira ina yomasulira d imene anthu amaimva. Tengani mlimi mmodzi wa manyowa mwa maere, ndi mmodzi wa feteleza yekha mwa maerenso, muyerekeze zokolola zawo. Pa d ya 0.48, ngati manambala amwazikana mwa nthawi zonse mopanda kupendekera mbali imodzi, wa manyowa apambana maulendo pafupifupi 63 pa 100. Mu R ndi `pnorm(0.48/sqrt(2))`. Pakanakhala popanda kusiyana, akanapambana maulendo 50. Nambalayi imatsitsa mtima pansi: maulendo 37 pa 100, wa feteleza yekha ndiye wakolola zambiri. Pa msonkhano wa kumudzi sipalephera bambo wina woimirira n'kunena kuti iye sathira manyowa koma nkhokwe yake imadzadza kuposa ya mnansi wake wothira. Sakunama, ndipo zotsatira zanu sizikutsutsana naye.

Bwererani ku ziweto zija

Tebulo loyamba linatisiyira ngongole. Kuti tione ngati matumba 2.1 ndi a manyowa kapena a khola, timayerekeza alimi ofanana pa ziweto, kukula kwa munda ndi feteleza, pogwiritsa ntchito rigiresheni:

```
m <- lm(matumba ~ gulu + ziweto + maekala + feteleza_kg, data = alimi)
summary(m)
confint(m)
```

Tinene kuti kusiyana kwatsika kufika pa matumba 1.4, malire ake −0.3 mpaka 3.1, ndipo p = 0.10. Apa ndi pamene olemba ambiri amagwa m'mayesero. Ena amabisa rigiresheni n'kusiya 2.1 yokha chifukwa ndiyo yokoma. Ena amataya mtima n'kulemba kuti manyowa alibe phindu chifukwa p yadumpha 0.05. Onsewo alakwa. Lembani manambala onse awiri moyandikana:

"Titaganizira za ziweto, kukula kwa munda ndi kuchuluka kwa feteleza, kusiyana kunatsika kuchoka pa matumba 2.1 kufika pa 1.4 pa ekala (95% CI −0.3 mpaka 3.1; p = 0.10)."

Kutsikako pakokha ndi chotsatira. Kukuonetsa kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kusiyana koyamba kuja linali la zinthu zina, osati manyowa. Chotsalacho chikupendekerabe ku manyowa, koma malire tsopano aphatikiza ziro, ndiye kafukufukuyu payekha sangatsutse munthu wonena kuti palibe kusiyana, komanso sangatsutse wonena kuti kusiyana ndi matumba atatu. Zinthu zimene mwalowetsa mu rigiresheni zikhale zomwe munazitchula kale m'gawo la njira za kafukufuku. Kuyesa izi ndi izo mpaka p itatsika, kenako n'kulemba chomalizacho ngati kuti ndicho munakonza poyamba, ndi chinyengo, ngakhale nambala iliyonse payokha ili yoona.

Pamene yankho ndi inde kapena ayi

Funso lachiwiri linali loti chimanga chinafika mu Disembala kapena ayi. Mwa a manyowa 58, mabanja 35 anati chinafika, omwe ndi 60%. Mwa a feteleza yekha 64, mabanja 31, omwe ndi 48%. Kusiyana ndi mabanja 12 pa 100 alionse, malire ake −6 mpaka 29, ndipo p = 0.19 pa mayeso a χ² opanda chiwongolero cha Yates. Tchulani zimenezi, chifukwa mu R `chisq.test` amaika chiwongolerocho payekha pa tebulo la mizere iwiri ndi madanga awiri mukapanda kulemba `correct = FALSE`, ndipo wobwereza mawerengedwe anu apeza p ina n'kuyamba kukukayikirani.

Zimenezi sizifuna tebulo, chiganizo chikwanira. Lamulo langa ndi lakuti manambala anayi kapena asanu alowe m'chiganizo, akachuluka apite pa tebulo, ndipo chithunzi cha girafu chibwere pokhapokha pali maonekedwe ofunika kuwaona ndi maso.

Mawu oyenera kupewa ndi akuti panalibe kusiyana. Kusiyana kunalipo m'manambala anu, 60 ndi 48, koma alimi 122 ndi ochepa kuti mutsimikize. Kulemba koyenera ndi uku: "Mabanja 60% a manyowa ndi 48% a feteleza yekha anali ndi chimanga mpaka Disembala. Kusiyana kwa mabanja 12 pa 100 kumeneku n'kosatsimikizika (95% CI −6 mpaka 29; p = 0.19)." Munganene kuti magulu ndi ofanana pokhapokha malire onse awiri ali pafupi ndi ziro, mwachitsanzo −2 mpaka 3, osati pamene atambalala chonchi.

Chinanso: kompyuta ikupatsani nambala yotchedwa odds ratio, mwachidule OR, ya 1.62, makamaka mukachita rigiresheni ya inde ndi ayi. Ambiri amaimasulira kuti a manyowa anali ndi mwayi woposa ndi 62 peresenti wofika Disembala. Si choncho. Gawani 60.3 ndi 48.4 mupeza 1.25, ndiye kuposako ndi 25 peresenti. OR imagawa ofika ndi osafika m'gulu lililonse, 35 ndi 23 uku, 31 ndi 33 uko, kenako n'kugawa mayankho awiriwo. Imayandikira 1.25 ija pokhapokha chinthu chikuchitikira anthu ochepa kwambiri. Chikamachitikira theka la anthu ngati pano, imakokomeza. OR isiyeni pa tebulo la akatswiri, koma m'mawu nenani za mabanja pa 100 alionse.

Mawu a munthu wamba

Gawoli limalizidwe ndi ndime yaifupi yopanda p, t kapena d, imene mlangizi atha kuiwerenga pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'dera osafuna womasulira. Ikhale ndi zinthu zinayi: anthu ake, chomwe chapezeka m'matumba, kukayikira komwe kulipo, ndi chimene kafukufukuyu sanganene.

"Pakati pa alimi 122 a ku Thondwe m'nyengo imodzi ya ulimi, omwe anathira manyowa pamodzi ndi feteleza anakolola pafupifupi matumba awiri ochulukirapo pa ekala kuposa omwe anathira feteleza yekha. Ambiri mwa othira manyowa analinso ndi ziweto, ndipo titayerekeza alimi a ziweto, minda ndi feteleza wofanana, kusiyanako kunatsika kufika pafupifupi thumba limodzi ndi theka. Kusiyana kwenikweni kukhoza kukhala kwakukulu mpaka matumba atatu, koma n'kuthekanso kuti palibe. Mabanja othira manyowa omwe chimanga chinawafikitsa mu Disembala anali ochulukirapo pang'ono, koma alimi omwe tinawafunsa ndi ochepa kuti titsimikize zimenezi. Popeza mlimi aliyense anasankha yekha kuthira kapena kusathira, kafukufukuyu sakutsimikiza kuti manyowa ndiwo anachulukitsa zokolola."

Onani aneni ake. Talemba kuti "anakolola ochulukirapo", osati "manyowa anachulukitsa" kapena "manyowa amathandiza". Mneni wonena kuti ichi chinachititsa icho ndi wa kafukufuku amene magulu ake anagawidwa mwa maere. Rigiresheni yachotsa zokhazo zimene munayeza; nthaka ya munda, tsiku lobzala, ndi khama la mwini munda zikadali mkati mwa 1.4 ija. Onaninso kuti tatchula Thondwe ndi nyengo imodzi ya ulimi basi. Minda ya m'mbali mwa nyanja ya Chilwa kapena ya ku Chingale, kuseri kwa phiri, ili ndi nthaka ndi mvula yake, ndipo chaka cha ng'amba manyowa akhoza kuchita mosiyana ndi chaka cha mvula yambiri.

Zifukwa zake, monga zoti manyowa amasunga chinyontho, ndi malangizo opita ku boma kapena kwa alimi, zidikire gawo lokambirana zotsatira. Zikalowa muno, wowerenga amalephera kusiyanitsa chomwe mwayeza ndi chomwe mukuganiza.

Musanapereke, yesani manambala anu

Tengani pensulo muone ngati manambala akugwirizana okhaokha, poti zolakwika zambiri zimalowa pokopera kuchoka pa kompyuta kupita mu lipoti. 11.8 kuchotsa 9.7 ipereke 2.1. Kusiyanako kukhale pakati penipeni pa malire ake: 0.5 ndi 3.7 pakati pake ndi 2.1. Malire a kusiyana akapanda kuphatikiza ziro, p iyenera kuchepera 0.05, ndipo akaphatikiza ziro iyenera kuposa. Zikatsutsana, ndiye kuti mwatenga malire pa mayeso ena ndi p pa mayeso ena. Nambala yotsatana ndi t ija isapose anthu onse kuchotsa awiri, kuno 120. Mukaona 128, dziwani kuti alimi 8 aja akadali m'fayilo, mwina ndi ziro kapena 99 pamalo pa zokolola, ndipo maavereji onse ndi olakwika. Kenako fufuzani 2.1 ndi 1.4 paliponse pomwe zalembedwa, pa tebulo, m'chiganizo, m'ndime ya mawu wamba ndi m'chidule cha kumayambiriro kwa lipoti, chifukwa chidulecho nthawi zambiri chimalembedwa rigiresheni isanachitike ndipo chimatsala ndi nambala yakale.

Pali vuto limodzi limene pensulo siingagwire. Mayeso onse tachitawa akutenga alimi 122 ngati anthu osadalirana, aliyense ndi nkhani yake. Koma ngati munawapeza m'midzi isanu ndi umodzi yokha, alimi a mudzi umodzi amagawana mvula, nthaka ndi mlangizi, ndiye uthenga womwe mwapeza ndi wochepa kuposa wa anthu 122 omwazikana, ndipo malire enieni ndi otambalala kuposa omwe mwalemba. Vutoli limakula kwambiri ngati midzi ina pafupifupi onse amathira manyowa pomwe ina palibe wothira, chifukwa pamenepo mukuyerekeza midzi, osati alimi. Kafukufuku wamkulu wa m'mabanja amene ofesi ya boma ya sitatisitiki, NSO, yomwe likulu lake lili konkuno ku Zomba, imachita, amasankha madera kaye kenako mabanja m'maderamo, ndipo wogwiritsa ntchito manambala ake amayenera kuuza kompyuta za kasankhidweko, mu Stata ndi `svyset`, asanawerengere malire alionse. Pa kafukufuku waung'ono ngati wathuyu, onjezani mudzi mu rigiresheni ngati mudzi uliwonse uli ndi alimi a magulu onse awiri, muike pa Tebulo 1 mzere woonetsa kuti mudzi uliwonse unapereka alimi angati ku gulu lililonse, ndipo m'ndime yoyamba ija, pomwe munalemba alimi 122, mulembenso kuti anachokera m'midzi ingati.